Akakuyankhani Kuti “N'chinsinsi cha Boma”: Zimene Lamulo Limalola Kubisa ndi Zimene Sililola

Anthu ambiri akapita ku ofesi ya boma kukafunsa mmene ndalama za chitukuko zayendera, amabwerera pakhomo ndi yankho limodzi lakuti nkhaniyo ndi yachinsinsi. Amabwerera mwaulemu poganiza kuti mwini ofesi akatero ndiye kuti lamulo latero. Koma kuyambira pa 30 Seputembala 2020, pamene Lamulo la Ufulu Wopeza Uthenga linayamba kugwira ntchito m'Malawi, yankho lotere silikwananso palokha. Wokana ayenera kutchula chifukwa chimene lamulo limachidziwa, aonetse chimene chingaonongeke uthengawo ukatuluka, ndipo ayeze ngati kuonongekako kukuposa phindu limene anthu angapeze podziwa. Amene akudziwa masitepe atatuwa sathamangitsidwa ndi mawu wamba.

Kumene ufuluwu wachokera

Maziko ake ali m'gawo 37 la Malamulo Aakulu a dziko lino, amene analembedwa mu 1994. Gawoli limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma kapena nthambi zake zikusunga, malinga ngati uthengawo ukufunika kuti munthuyo agwiritse ntchito ufulu wake. Kwa zaka zoposa makumi awiri panalibe lamulo lofotokoza kuti munthu apemphe bwanji, ayankhidwe liti, ndipo akakanizidwa adandaule kuti. Atolankhani, makamaka kudzera m'bungwe la MISA Malawi, pamodzi ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu, analimbikira nkhaniyi mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza lamuloli mu Disembala 2016. Pulezidenti Peter Mutharika analisainira mu Febuluwale 2017, koma linadikirabe zaka zina zoposa zitatu lisanayambe kugwira ntchito. Udindo woyang'anira kuti likutsatidwa unapatsidwa kwa bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC.

Lamuloli silinalembedwere atolankhani okha. Mlimi, mayi wa geni, komiti ya makolo pasukulu ndi mfumu ya m'mudzi ali ndi mphamvu yofanana yopempha. Silikhudzanso maunduna okha. Makhonsolo, zipatala za boma, makampani a boma, ngakhalenso mabungwe amene si aboma koma akugwiritsa ntchito ndalama za boma kapena kugwira ntchito m'malo mwa boma, onse ali mkati.

Kapemphedwe kake

Ofesi iliyonse yokhudzidwa ndi lamuloli iyenera kukhala ndi ofisala wopereka uthenga, ndipo pempho limapita kwa iyeyu. Mutha kupempha polemba kapena pakamwa, choncho kusadziwa kulemba si chifukwa choti munthu abwezedwe. Komabe kalata ndi yabwino koposa, chifukwa imasiya umboni. Lembani makope awiri, ina musiye, ina aidinde chidindo cha ofesi ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo. Tsiku limeneli ndilo poyambira kuwerenga.

Ofesi ili ndi masiku 15 ogwira ntchito oti ikuyankheni. Loweruka, Lamlungu ndi maholide sawerengedwa, ndiye ndi pafupifupi masabata atatu. Ngati uthengawo ukufunika pofuna kupulumutsa moyo wa munthu kapena kumuteteza kuti asatsekeredwe popanda chifukwa, nthawi yake ndi maola 48. Kupempha n'kwaulere. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo woyenera wa fotokope, kapena womasulira chikalata m'chilankhulo china. Ofesi ikangokhala duu mpaka masiku atatha, lamulo limatenga kuti yakana, ndipo njira yodandaulira yatseguka.

Zifukwa zimene lamulo limalola kukanira

Palibe dziko limene limaulula zonse. Ku Zambia, kumene lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 2023, ku Mozambique kumene linabwera mu 2014, ku South Africa ndi ku Britain kumene onse awiri analemba malamulo awo m'chaka cha 2000, zifukwa zokanira zimafanana kwambiri ndi zathu. Tingaziike m'magulu anayi.

Gulu loyamba limateteza moyo wa mseri wa munthu wina. Matenda a mnansi wanu, zotsatira za magazi ake kuchipatala, nambala ya akaunti yake ya kubanki ndi nkhani za m'banja mwake si zanu, ngakhale zitasungidwa mu ofesi ya boma. Gawo 21 la Malamulo Aakulu limateteza zimenezi, ndipo chitetezo chomwecho ndi chanunso tsiku limene wina adzafunse za inu.

Gulu lachiwiri limateteza dziko ndi miyoyo ya anthu. Apa pali mapulani a asilikali, malo osungira zida, nkhani zimene zingasokoneze ubale wa Malawi ndi maiko ena, komanso uthenga umene ungaike munthu pachiswe, monga dzina la amene anatsina khutu apolisi pa mlandu wa umbanda.

Gulu lachitatu limateteza kayendedwe ka chilungamo. Zokambirana za loya ndi amene akumuimirira ndi zotetezedwa, chimodzimodzi uthenga umene ungasokoneze kafukufuku kapena mlandu umene uli mkati.

Gulu lachinayi limateteza zinsinsi za malonda, monga njira imene kampani imapangira katundu wake, kapena mitengo imene yapereka pa mpikisano wa ntchito umene sunatsekedwe. Ofesi ithanso kukana pempho loonekeratu kuti ndi lachipongwe kapena longofuna kuvutitsa.

Kupatula magulu amenewa, pali zikalata zimene lamuloli silizifika n'komwe, monga zokambirana za nduna pamsonkhano wawo ndi pulezidenti, ndi mafaelo a khoti a mlandu umene sunathe. Palinso lamulo lakale la zinsinsi za boma, lochokera m'nthawi ya atsamunda, limene likadalipo ndipo omenyera ufulu akhala akudandaula kuti limafooketsa lamulo latsopanoli. Ndi bwino kudziwiratu malire amenewa. Koma zambiri zimene anthu wamba amafuna, monga ndalama za chitukuko, mankhwala m'zipatala, malo, ziphaso ndi makontirakiti, sizili kuseri kwa malirewo.

Chofunika kuchigwiritsa ndi ichi. Chifukwa chokanira chimateteza chinthu kuti chisaonongeke, ndiye pamene palibe choonongeka palibenso chokanira. Ndalama zimene zagulira chakudya cha asilikali ndi nkhani ya asilikali, koma kuiulula sikupatsa mdani mphamvu iliyonse. Kuti nduna ichita manyazi, kapena kuti chipani cholamula chitaya mavoti, si kuonongeka kumene lamulo limateteza.

Kuyeza kuonongeka ndi phindu la anthu

Ngakhale chifukwa chokanira chitakhalapodi, nkhani sithera pomwepo. Ofisala ayenera kuchita ngati wogulitsa pamsika amene ali ndi sikelo ya mbale ziwiri. M'mbale imodzi aikemo kuonongeka kumene kungabwere uthengawo ukatuluka, m'mbale ina aikemo phindu limene anthu onse angapeze podziwa. Mbale ya anthu ikalemera, uthengawo utuluke ngakhale uli m'gulu lotetezedwa. Mfundo imeneyi ili m'lamulo lachitsanzo limene bungwe la maiko a mu Afirika loona za ufulu wa anthu linavomereza mu 2013, ndipo lamulo lathu limayenda njira yomweyo. Udindo woonetsa kuti kubisa n'koyenera uli pa wokana. Si wopempha amene ayenera kutuluka thukuta kutsimikizira kuti ali ndi ufulu womva.

Zimene zimalemeretsa mbale ya anthu ndi zodziwika. Uthenga ukakhala kuti uonetsa kuphwanyidwa kwa lamulo, kugwiritsa ntchito udindo molakwika, kusakaza ndalama za misonkho, kuweruza mokondera, kapena ngozi imene ikuopseza thanzi ndi miyoyo ya anthu, kulemera kwake kumakhala kwakukulu. Zimene zimalemeretsa mbale inayo ndi kukula kwa kuonongekako, kutsimikizika kwake, ndi kusabwezeka kwake. Dzina la mboni likaululidwa mboniyo n'kuphedwa, palibe chobweza. Koma kungoganiza kuti mwina kampani ingadandaule n'kopepuka.

Nthawi nayonso imasintha kulemera. Mitengo ya makampani opikisana ndi chinsinsi chenicheni mpikisano usanatsekedwe, chifukwa ikatuluka wina adzatsitsa wake dala. Ntchito ikaperekedwa ndalama n'kulipidwa, mtengo wa wopambana sukhalanso ndi choteteza chokwanira.

Pomaliza, zimene anthu amalakalaka kumva sizofanana ndi zimene zingawapindulire. Mudzi wonse ungafune kudziwa chimene chinasokoneza banja la mkulu wina wa pakhonsolo, koma kudziwa zimenezo sikukonza msewu kapena kubweza ndalama zobedwa. Kufunsa ngati mkuluyo anapereka ntchito ya boma kwa mlamu wake ndi nkhani ina, chifukwa ikukhudza thumba la anthu onse.

Chitsanzo: mdadada wa sukulu umene wang'ambika

Tiyerekeze kuti khonsolo inamangitsa mdadada wa zipinda ziwiri zophunziriramo pasukulu ya pulaimale. Mvula yoyamba itangogwa, khoma lang'ambika kuchokera pazenera mpaka pansi, simenti ya pansi ikufumbuka, ndipo ana akuphunzirabe momwemo. Komiti ya makolo ikufuna kudziwa chimene chinachitika.

Pempho lofooka lingati: “Tikufuna kudziwa zonse zokhudza mdadada wathu.” Pempho lotere limapatsa ofesi mpata woyankha ndi mizere iwiri yopanda kanthu. Pempho lamphamvu limatchula zikalata zimene ntchito ya zomangamanga imasiya m'faelo. Komiti ipemphe kontirakiti imene khonsolo inasainirana ndi womanga, ndandanda wa zipangizo wosonyeza kuchuluka kwa simenti, njerwa, zitsulo ndi malata pamodzi ndi mitengo yake, malipoti a injiniya amene ankayendera ntchitoyo, chikalata chotsimikiza kuti ntchito yatha, ndi mapepala onse olipirira womangayo. M'kalatamo atchule dzina la sukulu, chaka chimene ntchito inachitika, ndiponso kuti uthengawu ukufunika poteteza ufulu wa ana wa maphunziro, umene uli m'gawo 25 la Malamulo Aakulu, ndi ufulu wa chitukuko wa m'gawo 30. Awonjezere kuti khoma lang'ambika ndipo ana ali pangozi, ngati n'kotheka aphatikizepo chithunzi. Potero ayamba kale kulemeretsa mbale ya anthu.

Tsopano tiyerekeze kuti ofisala wayankha kuti sangapereke chilichonse chifukwa m'faelomo muli zinsinsi za malonda za womanga ndi nkhani za anthu ena. Tiyeni tiyeze chikalata chilichonse pachokha, monga mmene iye anayenera kuchitira.

Kontirakiti ndi mtengo wa ntchito yonse zilibe chobisira. Mpikisano unatha kale, ndalama ndi za misonkho, ndipo amene wavomera kugwira ntchito ya boma wavomeranso kuti eni ndalama adziwe zimene walandira.

Pa ndandanda wa zipangizo womanga angadandaule kuti opikisana naye adzaona mmene amawerengera phindu lake. Dandaulo limeneli lili ndi kulemera pang'ono ndithu. Koma ndandandawu ndiwo wokha umene ungaonetse ngati khonsolo inalipira matumba 300 a simenti pamene amisiri ndi anthu a m'mudzi anaona matumba osafika 200 akutsitsidwa. Kumbali imodzi kuli kusowa mtendere kwa kampani, kumbali ina kuli kubedwa kwa ndalama za anthu ndi khoma limene lingagwere ana. Mbale ya anthu yalemera.

Malipoti a injiniya ndi chikalata chomalizira ntchito zili ndi maina a ogwira ntchito m'boma. Dzina la munthu pa chikalata chimene wasainira monga mbali ya ntchito yake si nkhani ya mseri. Ngati anasainira kuti maziko ali bwino asanafike n'komwe pamalopo, chimenechi ndicho lamuloli linabwerera kudzaulula.

Pa mapepala olipirira pali nambala ya akaunti ya kubanki, mwinanso nambala ya chiphaso cha unzika ndi ya foni ya mwini kampani. Izi n'zoyenera kutetezedwa, ndipo komiti sikuzifuna. Chimene ofisala ayenera kuchita ndi kudetsa mizere imeneyo ndi inki pa kope, n'kupereka pepala lotsalalo lokhala ndi tsiku, ndalama ndi dzina la kampani. Mizere itatu yotetezedwa si chifukwa chobisira faelo yonse.

Nkhaniyi ingasinthe ngati bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB layamba kale kufufuza ntchitoyo. Pamenepo zimene mboni zanena kwa ofufuza zitha kubisidwa kaye, poopa kuti okayikiridwa angaopseze mbonizo kapena kuononga umboni. Komabe lipoti lonena ngati khomalo lingagwe liyenera kufika kwa makolo mosachedwa, chifukwa chitetezo cha ana sichingadikire mlandu.

Mmene khoti la ku South Africa linayezera

Kuyeza kotereku kwafika kale m'makhoti a maiko a m'chigawo chathu. Mu 2019 mtolankhani wa magazini ya Financial Mail anapempha bungwe lotolera misonkho la ku South Africa kuti limupatse zikalata za misonkho za Jacob Zuma za zaka zimene anali pulezidenti, potsatira malipoti akuti sankatsata malamulo a misonkho. Bungwelo linakana, chifukwa malamulo a dzikolo ankaletseratu kuulula nkhani za misonkho za munthu aliyense, popanda kuyeza kulikonse. Maganizo a bungwelo anali omveka: anthu akadziwa kuti nkhani zawo zitha kutuluka, sadzanena zoona polipira msonkho.

Mu Meyi 2023 khoti lalikulu la dzikolo loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, kuti chiletso chopanda mpata uliwonse n'chosemphana ndi malamulo aakulu. Khotilo silinalamule kuti zikalata za Zuma ziperekedwe. Linabweza pempholo kwa bungwe la misonkho kuti liliganizirenso, tsopano poyeza chinsinsi cha munthuyo ndi phindu la anthu. Phunziro lake ndi lakuti kuyeza sikulonjeza wopempha kuti apambana nthawi zonse. Kumangomutsimikizira kuti pempho lake liganiziridwa pa mfundo zake, ndipo wokana afotokoza.

Mmene mungadziwire kuti mwakanizidwa mosatsata lamulo

Kukana kovomerezeka kumabwera polemba, kumatchula gawo la lamulo limene ofesi yatsamira, kumafotokoza chimene chingaonongeke, ndipo kumakuuzani kuti muli ndi ufulu wodandaula. Mukaona kuti yankho labwera pakamwa pokha, kapena likungoti “akuluakulu sanavomereze”, kapena faelo yonse yabisidwa chifukwa cha tsamba limodzi, kapena silikunenapo kanthu za ngozi ndi ndalama zimene munatchula, dziwani kuti pali podandaulira. Akati chikalata chinasowa, pemphani kuti alembe zimenezo ndi kufotokoza kumene anafufuza. Ambiri amene amanena bodza pakamwa amaopa kulisainira.

Dandaulo loyamba limapita kwa mkulu wa ofesi yomweyo, monga bwanamkubwa ngati ndi khonsolo ya boma, kapena mlembi wamkulu ngati ndi unduna, kuti aunikenso chigamulocho. Musachedwe nalo, chifukwa lamulo linaika malire a nthawi. Mulembemo tsiku limene munapempha, yankho limene munalandira, ndi chifukwa chimene mukuonera kuti phindu la anthu likuposa kuonongeka kumene atchula. Mkuluyo akakananso kapena akapanda kuyankha, pitani ku MHRC ndi makope a makalata anu onse. Zikakanika kumeneko, khomo la khoti ndi lotsegula. Ogwira ntchito m'boma adziwenso kuti kubisa dala, kuononga kapena kusintha zikalata pofuna kuti wopempha asazione ndi mlandu umene chilango chake ndi chindapusa cha K3 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zitatu. Lamulo lomweli limateteza wogwira ntchito amene waulula zachinyengo ndi mtima woona.

Udindo wa wopempha

Uthenga umene mwalandira muugwiritse ntchito pa cholinga chovomerezeka, chifukwa lamuloli limalanganso wougwiritsa ntchito molakwika. Werengani chikalata chonse musanaloze munthu chala. Kusiyana kwa matumba a simenti ndi chifukwa chofunsira mafunso, koma wolakwa amadziwika pambuyo pa kafukufuku. Mukapeza kuti m'zimene mwapatsidwa mwatsalira nkhani za mseri za munthu, musazimwaze pa mafoni.

Komiti ya makolo ija ikalandira zikalata, iitanitse msonkhano wa mudzi pamaso pa mfumu, iwerenge manambala poyera, ndipo ipemphe mmisiri wodziwa ntchito kuti afananize zolembedwa ndi zimene zili pamalopo. Zimene zapezeka azilembe, azipereke kwa khansala ndi kukhonsolo kuti womangayo adzakonze khomalo, ndipo ngati pali zizindikiro za chinyengo, kope ina ipite ku ACB. Ntchito ina ya chitukuko ikadzabwera m'deralo, apemphe kontirakiti ndi ndandanda wa zipangizo maziko asanakumbidwe, kuti aziwerenga matumba a simenti pamene akutsitsidwa m'galimoto.